Mafonti a kabuku, chikwangwani ndi zomata: momwe tikukonzera mafayilo asanapite kosindikiza

Lolemba

Ntchitoyi ili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kabuku ka masamba 32 kuphatikiza chikuto, kukula kwake A5, kokonzedwa mu InDesign. Chachiwiri ndi chikwangwani choimika cha mamilimita 850 m'lifupi ndi 2000 m'litali, chokonzedwa mu Illustrator. Chachitatu ndi dzina la bungwe loti lidulidwe pa pepala lomata n'kumatidwa pa galasi. Zonsezi zikupita kwa osindikiza amodzi, koma sizidzadutsa njira imodzi zikafika kumeneko, ndipo njira imeneyi ndi imene ikutiuza chochita ndi mafonti.

Tisanakhudze fayilo iliyonse tawafunsa osindikiza funso limodzi: kodi fayiloyo akailandira aitumiza ku makina momwe ilili, kapena ayamba aitsegula mu pulogalamu yojambulira? Ayankha kuti kabuku adzangosanja masamba ake pa pepala lalikulu n'kutumiza kopanga mapuleti osindikizira, osatsegula tsamba lililonse kuti alisinthe. Chikwangwani amachitsegula mu CorelDRAW kuti awonjezere malo opindira pamwamba ndi pansi. Zomata nazo amazitsegula kuti makina odula atsatire mizere.

Yankho limeneli n'lofunika chifukwa fonti yolowetsedwa mu PDF imagwira ntchito pomwe fayilo ikuwerengedwa kapena kusindikizidwa basi. Acrobat komanso pulogalamu ya RIP, imene imasandutsa tsamba kukhala madontho a makina, zimatenga maonekedwe a zilembo m'kati mwa fayilo momwemo. Koma munthu akatsegula PDF yomweyo mu Illustrator ndi File > Open, pulogalamuyo imafuna kuti malembawo akhale osinthika, choncho imafufuza fontiyo pa kompyuta yake. Ikapanda kuipeza imachenjeza n'kuika ina m'malo mwake. Apa m'pamene pamachokera mkangano womwe umamveka kawirikawiri: wokonza amanena kuti mafonti onse anawalowetsa, wosindikiza amanena kuti mafonti akusowa, ndipo onse awiri akunena zoona.

Tagwirizana choncho kuti kabuku kapita ngati PDF ya mafonti olowetsedwa, malemba ake akhale malemba ndithu. Chikwangwani ndi zomata zipita zilembo zake zitasandutsidwa mizere, kutanthauza kuti chilembo chilichonse chidzakhala chojambula chosadalira fonti iliyonse.

Lachiwiri

Tayamba ndi zimene zinabwera kuchokera kunja, chifukwa malemba amene tinalemba tokha mu InDesign savuta. Pulogalamuyo imalowetsa yokha fonti iliyonse yomwe ili pa kompyuta ndipo ili yololedwa. Zovuta zimabisala m'mafayilo oikidwa pa tsamba: matchati anayi ndi logo ziwiri, zonse zili PDF. Tayeza iliyonse payokha ndi kapulogalamu ka pdffonts, komwe kamabwera ndi Poppler, gulu la timapulogalamu togwira ntchito pa mafayilo a PDF.

```
pdffonts tchati-3.pdf
```

Tchati yachitatu yatulutsa izi, titachotsa ndandanda yomaliza:

```
name                        type      encoding  emb sub uni
KQZPRT+SourceSans3-Regular  Type 1C   WinAnsi   yes yes yes
Helvetica                   Type 1    WinAnsi   no  no  no
```

Poyang'ana kwambiri ndi pa `emb`. Pamene palembedwa `no`, fayiloyo ili ndi dzina la fonti chabe ndi miyezo ya kutambalala kwa zilembo, koma maonekedwe a zilembozo mulibe. Zilembo zazikulu zisanu n'chimodzi zotsatana ndi chizindikiro cha + kutsogolo kwa dzina zikusonyeza kuti fontiyo inalowetsedwa mbali yake yokha, zilembo zimene zagwiritsidwa ntchito basi. Amene alibe pdffonts angaone zomwezi mu Acrobat pa File > Properties > Fonts. Fonti yabwino imakhala ndi mawu akuti `Embedded` kapena `Embedded Subset` pambali pa dzina, pamene yosalowetsedwa imakhala ndi mzere wa `Actual Font` wotchula fonti imene yaikidwa m'malo mwake.

Sizodabwitsa kuti yosowayo ndi Helvetica. Kuyambira pachiyambi cha PDF panali mafonti 14 amene ankaganiziridwa kuti pulogalamu iliyonse yowerengera ili nawo: mitundu inayi ya Helvetica, inayi ya Times, inayi ya Courier, kenako Symbol ndi ZapfDingbats. Mapulogalamu ambiri otulutsa matchati ndi malipoti amadalirabe mwambo umenewu ndipo salowetsa mafontiwa. Pa kompyuta vutoli silioneka, chifukwa pulogalamu yowerengera imaikapo fonti yofanana nayo mwakachetechete. Limadzaonekera kosindikiza, pamene RIP yakana tsambalo kapena yaika Courier, manambala a m'mbali mwa tchati n'kukwerana.

Tinakambirana ngati tingangosandutsa malemba a tchatiyo kukhala mizere kuti nkhani ithe. Sizingathandize, ndipo mfundoyi ndi yofunika kuimvetsa bwino. Pulogalamu singajambule mizere ya chilembo chimene ilibe. Ikauzidwa kusandutsa fonti yosalowetsedwa, imayamba yasankha ina m'malo mwake, kenako n'kusandutsa yolakwikayo. Zotsatira zake ndi fayilo imene imadutsa mayeso onse popanda chenjezo, koma zilembo zake si zimene zinasankhidwa, ndipo palibenso njira yodziwira kuti zinasinthidwa. Tapempha manambala a tchatiyo n'kuijambulanso ndi Source Sans 3, fonti yomwe ili kale m'kabukuka. Matchati ena atatu ndi logo imodzi zili bwino. Logo yachiwiri ilibe fonti iliyonse, pdffonts yangotulutsa mitu ya ndandanda popanda mzere pansi pake, kusonyeza kuti inasandutsidwa kale mizere.

Lachitatu

Lero linali tsiku la ziphaso. Fonti iliyonse ya OpenType kapena TrueType ili ndi kanambala m'kati mwake, kotchedwa `fsType`, kouza mapulogalamu ngati angailowetse m'fayilo. Nambala 0 imalola zonse. Nambala 8 imalola kulowetsa komanso kusintha malemba m'chikalatacho. Nambala 4 imalola kuona ndi kusindikiza basi, ndipo pa PDF yopita kosindikiza zimenezi n'zokwanira. Nambala 2 imaletsa kulowetsa. Pa Windows zimaoneka mosavuta: dinani fayilo ya fontiyo ndi batani lakumanja, sankhani Properties > Details, muwerenge mzere wa `Font embeddability`.

Source Serif 4 ndi Source Sans 3, zomwe zanyamula malemba onse a m'kati, zili pansi pa chiphaso cha SIL Open Font License, chimene chimalola kulowetsa m'zikalata popanda chovuta. Fonti ya mitu ya machaputala, yomwe eni ntchito anatipatsa, yasonyeza `Restricted`. Titayesa kutulutsa PDF, InDesign inachenjeza kuti singailowetse chifukwa cha chiphaso.

Pamenepa ambiri amathamangira kusandutsa mituyo kukhala mizere, ndipo pulogalamu imalola ndithu. Koma kulola kwa pulogalamu si chilolezo cha mwini fonti. Kanambala kaja ndi chizindikiro chabe, pangano lenileni lili m'chikalata cha chiphaso, ndipo ziphaso zimasiyana. Zina zimalola mizere pa ntchito yosindikiza, zina zimafuna chiphaso chapadera fonti ikagwiritsidwa ntchito pa logo. Eni ntchito sanapeze chikalata cha fontiyi, ndiye tagwirizana nawo kuti mitu yonse 9 isinthidwe kukhala Source Serif 4 yokhuthala. Mutu wa chaputala chachisanu unatalika n'kugwera pa mzere wachiwiri, choncho tachepetsa mitu yonse kuchoka pa mapointi 26 kufika pa 24 kuti ifanane.

Tili pomwepo tayang'ana zilembo zosowa. Fonti ikhoza kulowetsedwa bwinobwino koma ilibe chilembo china chimene chili m'malemba, makamaka zilembo za chizindikiro pamwamba monga ŵ ndi Ŵ, zomwe mu Unicode ndi `U+0175` ndi `U+0174`. InDesign imaonetsa malo otero ndi kabokosi kapinki, ndipo gawo la Preflight limawatchula ngati mwayatsa `Glyph Missing` mu ndondomeko yake yoyezera. Mapulogalamu olembera makalata amachita mosiyana, amabwereka chilembocho ku fonti ina osanena kanthu, moti chilembo chimodzi chimaoneka chachilendo pakati pa mawu. Njira yochigwirira ndi mndandanda wa mafonti womwe uja: mukaonamo dzina limene simunasankhe, dziwani kuti penapake pali chilembo chobwereka. M'kabuku kathu mafonti onse awiri ali ndi zilembozi.

Lachinayi

Tatulutsa PDF ya kabuku. Osindikiza anavomera PDF/X-4, mtundu wa PDF wokonzedwera ntchito yosindikiza, ndiye pa File > Export tasankha `[PDF/X-4:2008]`, masamba amodziamodzi osati oyang'anizana, ndi mamilimita 3 opitirira m'mphepete modulira. Mitundu yonse ya PDF/X imalamula kuti mafonti onse akhale olowetsedwa. Tasankha X-4 osati X-1a chifukwa cha zithunzithunzi ndi zinthu zoonekera mkati zomwe zili pa chikuto ndi pa masamba otsegulira machaputala. PDF/X-1a salola zinthu zoonekera mkati, motero pulogalamu imaphwanya malo oterowo kukhala tizidutswa, ndipo malemba amene akhudzana ndi chithunzithunzi akhoza kusandutsidwa mizere kapena madontho pamene ena oyandikana nawo atsala malemba. Pa pepala zimaoneka ngati theka la mzere ndi lokhuthala kuposa theka linalo. Akanaumirira X-1a, tikanakweza malemba onse pa leya yapamwamba kuti asalowe m'kuphwanyako.

Pa gawo la Advanced pali bokosi lolembedwa `Subset fonts when percent of characters used is less than`, ndipo limabwera lili pa 100%. Talisiya choncho. Tanthauzo lake n'lakuti m'fayilo mumalowa zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito, zomwe n'zokwanira kusindikiza. Malire ake ndi akuti osindikiza sangakonze mawu olakwika mu PDF ngati kukonzako kukufuna chilembo chimene mulibe. Ngati m'mitu yonse mulibe Z wamkulu, ndiye kuti m'fonti ya mituyo mulibenso Z. Ife tikuona kuti zimenezi n'zabwino. Cholakwika chikapezeka chikonzedwe mu fayilo ya InDesign n'kutulutsa PDF ina, kuti fayilo yoyambira ndi zosindikizidwa zisasiyane.

Titatulutsa tayezanso fayilo yonse, ndipo mizere yonse ili ndi `yes` pa `emb`. Dzina lachilendo likadapezeka, tsamba lake limapezeka poyeza masamba ochepa nthawi imodzi:

```
pdffonts -f 17 -l 20 kabuku.pdf
```

Eni ntchito afunsa chifukwa chimene sitikusandutsira kabuku konse kukhala mizere, poti anamva kuti imeneyo ndiyo njira yosalephera. Tikulemba yankho lathu mokwanira chifukwa funsoli lidzabweranso.

Chifukwa choyamba ndi kukhuthala kwa zilembo zing'onozing'ono. Fonti imakhala ndi malangizo obisika othandiza RIP kuika miyendo ya zilembo pa madontho mofanana, kuti mwendo wa n ndi wa m ukhale wokhuthala chimodzimodzi paliponse pa tsamba. Chilembo chikasanduka chojambula, malangizowo amatayika. Kuwonjezera apo, RIP imadzaza zojambula ndi lamulo losiyana ndi la zilembo, imakonda kuda dontho lililonse limene chojambulacho chakhudza ngakhale pang'ono, motero mzere umanenepa ndi dontho limodzi kapena kuchepera apo.

Kuti tione kukula kwa vutoli, titenge malemba athu a mapointi 9. Tiyerekeze kuti kamzere kopyapyala ka chilembo ndi magawo 30 mwa magawo 1000 a kukula kwa fonti. Ndiye kuti kamzereko ndi mapointi 0.27. Inchi imodzi ili ndi mapointi 72, choncho pa makina a madontho 600 pa inchi kamzereko ndi madontho awiri ndi pang'ono. Kuwonjezera dontho limodzi pamenepo n'kukanenepetsa pafupifupi ndi theka, ndipo diso limaona tsamba lonse litada. Pa makina opanga mapuleti a madontho 2400 pa inchi, kamzere komweko ndi madontho 9, ndipo dontho limodzi lowonjezera silidziwika kwenikweni. N'chifukwa chake osindikiza ena amanena kuti mizere sisintha kanthu pamene ena amadandaula nayo, aliyense akunena za makina ake. Kabuku kathu kapita ku mapuleti, koma makope oonetsera adzatuluka pa makina a tona, ndipo eni ntchito anena kuti mtsogolo adzasindikiza makope ochepa owonjezera pa makina omwewo. Sitikufuna kuti makope awiriwo adzasiyane.

Chifukwa chachiwiri ndi zimene zimasowa posandutsa mu InDesign. Lamulo la Type > Create Outlines limajambula zilembo zokha. Mizere ya pansi pa mawu, mizere yolekanitsa ndime, timadontho ndi manambala a mndandanda oikidwa ndi pulogalamu, zonsezi si zilembo zotaipidwa, ndipo zimazimiririka osachenjeza. M'kabukuka muli mindandanda ya manambala pa masamba ambiri. Munthu wotopa sangaone msanga kuti manambala 1 mpaka 6 achoka pa tsamba 21.

Palinso nkhani ya inki yakuda. Malemba akuda okhala pa malo a mtundu ayenera kusindikizidwa pamwamba pa mtunduwo osaubowola, kuti mapuleti akasemphana pang'ono pasaoneke kamzere koyera m'mbali mwa zilembo. Ma RIP ena ali ndi lamulo lochita zimenezi okha pa malemba akuda, koma osati pa zojambula. Malemba akasanduka mizere amatuluka m'lamulo limenelo. Fayilo nayo imalemera, chifukwa m'malo mosunga a mmodzi n'kumuitana kambirimbiri, imasunga chojambula cha a aliyense payekha. Komanso mawu sangafufuzidwenso kapena kukoperedwa.

Osindikiza akanakana mafonti zivute zitani, sitikanasandutsa mu InDesign. Tikanatulutsa PDF yabwino kaye, n'kusandutsa PDF imeneyo, chifukwa pofika pamenepo manambala ndi mizere yonse yakhala kale zinthu zenizeni pa tsamba. Mu Acrobat Pro, gawo la Preflight lili ndi chokonzera chotchedwa `Convert fonts to outlines`. Pulogalamu ya Ghostscript nayo imatha, kuyambira mtundu wa 9.15:

```
gs -o mizere.pdf -sDEVICE=pdfwrite -dNoOutputFonts kabuku.pdf
```

Ghostscript imalemba fayilo yatsopano kuchokera pachiyambi, choncho mitundu, zithunzi ndi miyezo ya m'mphepete ziyenera kuyezedwanso ikamaliza. Ndipo chenjezo la Lachiwiri lija likugwiranso ntchito pano: yambani mwatsimikiza kuti mafonti onse ali `yes`.

Lachisanu m'mawa

Chikwangwani. Apa mizere ilibe vuto la kukhuthala, chifukwa chilembo chaching'ono kwambiri ndi cha mapointi 60 ndipo mutu ndi wa mapointi 320. Dontho limodzi pa chilembo chotero palibe angalione.

Tayamba ndi kusunga kope lina la fayilo, lokhala ndi dzina lothera ndi `-mizere`. Fayilo yoyambira ikhala ndi malemba amoyo, chifukwa fayilo ya mizere ikasungidwa n'kutsekedwa palibe njira yobwezera, ndipo tsiku lolembedwa pa chikwangwani likadzasintha padzafunika malemba enieni. Tawerenganso mawu onse kawiri tisanapitirire, popeza choyezera kalembedwe sichiona zojambula.

Lamulo la Select > All limasankha zokhazo zimene zili zosatseka komanso zooneka. Ndiye choyamba tatsegula maleya onse otsekedwa pa gawo la Layers, kenako Object > Unlock All ndi Object > Show All. Pamenepo m'pamene tasankha zonse n'kudina Type > Create Outlines, kapena `Ctrl+Shift+O`. Kenako tatsegula mndandanda wa mafonti a m'chikalata pa Type > Find/Replace Font, womwe m'mitundu yakale ndi Find Font. Uyenera kukhala wopanda kanthu. Wathu unatsala ndi mafonti awiri.

Yoyamba inali mu kachizindikiro kosungidwa pa gawo la Symbols, kokhala ndi mawu ochepa m'kati. Create Outlines sifika m'zinthu zotero. Tasankha kachizindikiroko, tadina `Break Link`, n'kusandutsa malemba ake payokha. Zomwezi zimachitika ndi malemba a m'matchati ojambulidwa mu Illustrator ndi malemba opindidwa ndi Envelope Distort, amene amafuna Object > Expand. Yachiwiri inativuta kuipeza chifukwa sinkaoneka paliponse. Kanali kabokosi ka malemba kopanda mawu, kotsala pamene wina anadina ndi chida cholembera osalemba kanthu. Kabokosi kotero kamasungabe dzina la fonti, ndipo kosindikiza kamabweretsa chenjezo la fonti yosowa ngakhale palibe chilembo chosindikizidwa. Object > Path > Clean Up, titachonga `Empty Text Paths`, yakachotsa. Pa bokosi lomwelo tachotsa chizindikiro pa `Unpainted Objects`, chifukwa tili ndi kabokosi kopanda mtundu kosonyeza malire a malo opindira ndipo tikukafuna.

Mutu wa chikwangwani uli ndi mzere woyera wa mapointi 4 wozungulira zilembo. Kusandutsa zilembo sikukhudza mzere umenewu, umakhalabe wa mapointi 4. Osindikiza akakulitsa kapena kuchepetsa chojambulacho pulogalamu yawo isanauzidwe kukulitsa mizere pamodzi, zilembo zimasintha kukula koma mzerewo ayi. Tausandutsa nawonso ndi Object > Path > Outline Stroke.

Logo yokhala ndi mafonti olowetsedwa ija ikufunikanso pa chikwangwani, koma fonti yake tilibe. Kuitsegula ndi Open kukanaisokoneza. Taiika ndi File > Place, `Link` ili yochonga, kuti Illustrator iionetse pogwiritsa ntchito fonti ya m'kati mwake. Kenako Object > Flatten Transparency, chotsetsereka chili pa 100 kumbali ya mizere ndipo `Convert All Text to Outlines` ili yochonga. Zilembo zatuluka monga zilili m'fayilo yoyambira. Njira imeneyi tawauzanso osindikiza kuti ili ndi inzake mu CorelDRAW: polowetsa PDF pulogalamuyo imafunsa ngati malemba abwere ngati `Text` kapena `Curves`, ndipo `Curves` ndi imene imasunga maonekedwe.

Pomaliza tasunga ngati PDF n'kuiyeza ndi pdffonts. Palibe mzere uliwonse. Taikanso fayilo yoyambira ndi ya mizere pamodzi, ina pamwamba pa inzake, n'kumazimitsa ndi kuyatsa leya yapamwamba. Chinthu chikasowa kapena kusuntha chimaphethira pomwepo. Palibe chaphethira.

Mmodzi wa ife anaona kuti mu Acrobat zilembo l ndi I za pa mzere wapansi zikuoneka zonenepa kuposa zinzake tsamba likachepetsedwa. Vutoli si la fayilo. Zilembo zimenezi mu fonti yopanda timiyendo zikasandutsidwa zimakhala timabokosi tating'ono, ndipo Acrobat imaziyesa mizere yopyapyala n'kuzinenepetsa pa kompyuta. Kuzimitsa `Enhance thin lines` pa Preferences > Page Display kwathetsa nkhaniyo. Tawadziwitsa eni ntchito kuti asadabwe akaona zomwezo.

Lachisanu masana

Zomata zili ndi vuto lawolawo limene kusandutsa mizere kokha sikuthetsa. Dzinalo lalembedwa ndi fonti yolumikiza zilembo ngati zolemba pamanja. Pa kompyuta mawuwo amaoneka ngati chinthu chimodzi, koma chilembo chilichonse ndi chojambula chapadera, ndipo mchira wa chimodzi umalowa m'thupi la chotsatira. Makina osindikiza sasamala zimenezo chifukwa amadzaza inki ponseponse. Makina odula amatsatira mzere uliwonse umene aupeza, motero mpeni umadutsa m'kati mwa malo olumikizirana n'kudula mawuwo zidutswazidutswa.

Kulowererana kumeneku kumaoneka pa View > Outline, kapena `Ctrl+Y`. M'dzina lathu la zilembo 14 munali malo 11 olowererana. Tasankha zonse n'kudina `Unite` pa gawo la Pathfinder, lomwe mu CorelDRAW limafanana ndi `Weld`. Titatero tayang'ananso mabowo a a, e ndi o kuti aliko onse, chifukwa zojambula zikakhala kuti zinamasulidwa kale, mabowo amatha kudzazidwa polumikiza. Onse aliko. Kuyeza kumeneku n'koyenera ngakhale pa mafonti osalumikiza zilembo, popeza mafonti ena atsopano, makamaka osinthika makulidwe, amamanga chilembo chimodzi ndi zidutswa zolowererana.

Tayezanso malo opyapyala kwambiri. Pa kutalika kwa mamilimita 90 kumene anapempha, michira yolumikiza zilembo inali pafupifupi milimita imodzi. Osindikiza anena kuti pa pepala lawo lomata safuna chinthu chochepera mamilimita 2, chifukwa chimang'ambika pochotsa zotsala. Takulitsa zojambulazo ndi Object > Path > Offset Path pa mamilimita 0.5, zomwe zimawonjezera theka la milimita mbali iliyonse ya mzere, ndipo michirayo yafika pa mamilimita 2. Lamuloli limasiya chojambula chakale pamodzi ndi chatsopano, ndiye tachichotsa, apo ayi mpeni ukanadula kawiri. Bowo la e lachepa koma likadali lotseguka mokwanira. Popeza zomatazi zidzamatidwa m'kati mwa galasi kuti ziziwerengedwa kunja, ziyenera kudulidwa motembenuza. Tagwirizana kuti atembenuze ndi osindikiza, ndipo talemba zimenezo m'kalata yotumizira kuti zisatembenuzidwe kawiri.

Zimene zatumizidwa ndi zimene zatsala

Tatumiza mafayilo atatu a PDF, aliyense ndi chithunzi chake cha JPEG choonetsa momwe ayenera kuonekera, kuti wotsegula kumeneko akhale ndi choyerekezera. Mafayilo a mafonti sitinatumize, chifukwa palibe fayilo imene ikuwafuna. Kwathu tasunga ntchito yonse ndi File > Package, yomwe imasonkhanitsa zithunzi mu chikwatu cha `Links` ndi mafonti mu `Document fonts`. Mafonti obwerekedwa kudzera ku Adobe Fonts salowa m'chikwatu chimenechi, choncho Source Serif 4 ndi Source Sans 3 tinaziika pa kompyuta kuchokera ku mafayilo ake enieni, ndipo taona kuti onse alowamo.

Tikudikira kope loonetsera la kabuku lotuluka mu RIP yawo, osati losindikizidwa kuchokera pa kompyuta ya mu ofesi, chifukwa RIP ndi imene idzapange mapuleti. Likabwera tidzayang'ana tsamba 14 pamene pali tchati yojambulidwanso, mutu wa chaputala chachisanu, mawu onse okhala ndi ŵ, ndi malemba akuda a pa bokosi lobiriwira la tsamba 27 kuti tione ngati akhala pamwamba pa mtundu osaubowola. Pa zomata tapempha kuti ayambe adula zilembo zitatu zoyambirira pa kukula kwenikweni, tione ngati michira ya mamilimita 2 ikupirira pochotsa zotsala asanadule dzina lonse.